Mafunso ndi mayankho: makina otchipa pogula, kodi ndi otchipadi? Kuwerengera ndalama zonse zomwe makina adzadye moyo wake wonse

Kodi kuwerengera ndalama za moyo wonse wa makina n'kutani kwenikweni?

Ndi kuphatikiza ndalama zonse zomwe chinthu chidzakudyereni kuyambira tsiku lomwe wina wakhala pansi kujambula pulani yake, kugula, kuchimangirira pamalo, kuchiyendetsa tsiku ndi tsiku, kuchikonza chikafa, mpaka tsiku lomwe mudzachizule n'kuchitaya. Mukaphatikiza zonsezo pa makina awiri kapena atatu omwe akugwira ntchito yofanana, mumaona amene akudya zochepa, basi nkhani yake ndi imeneyo. Sizachilendo ayi, unduna wa zachitetezo ku America udayamba kugwiritsa ntchito njirayi m'zaka za m'ma 1960 pogula zida, ataona kuti kusamala chida kumadya ndalama zambiri kuposa kuchigula. Lero pali ngakhale ndondomeko zovomerezeka pa dziko lonse zofotokoza kachitidwe kake, monga IEC 60300-3-3, komanso ISO 15686-5 pa nkhani ya nyumba.

Pano tikamba za pampu ya madzi yoyendera mota ya magetsi, chifukwa pampu ndi chinthu chomwe chimapusitsa anthu kwambiri: mtengo wogulira ndi wochepa koma imamwa magetsi mwakachetechete zaka ndi zaka. Masamu ake ndi omwewo pa jenereta, kompuresa, firiji kaya galimoto.

Ndiye timaphatikiza chiyani ndi chiyani?

Ganizani za nthawi zitatu. Poyamba pali zolipira kamodzi makina asanayambe kuzungulira: injiniya woyeza ndi kujambula pulani, mtengo wa pampu, kuinyamula, konkire yokhazikapo, mapaipi, mawaya, bokosi la maswichi, kuiyesa ndi kuphunzitsa woyendetsa. Kenako pali zobwera chaka chilichonse, magetsi, malipiro a woyang'anira, girizi ndi oyilo, masipeya monga mabering'i ndi masilo, makaniko, kuphatikizapo ndalama zomwe mumaluza ntchito ikaima chifukwa pampu yafa. Pomaliza pali zozula ndi kutaya, kuchotsapo zomwe mungapeze mukagulitsa zitsulo.

Anthu ambiri amalemba gawo loyamba lokha, chifukwa ndi lomwe lili pa kotesheni. Zinazo palibe amakutumizirani pepala lake pa tsiku logula, zimabwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri zimalipidwa ndi dipatimenti ina osati yomwe idagula. Paja walira mvula walira matope, mwagula pampu mwagulanso bilu yake.

Tatipatsani chitsanzo chenicheni, ndi manambala

Chabwino. Manambalawa ndangowaika kuti tione masamu ake, sindinatchule ndalama ya dziko lililonse, inu mudzaikamo anu.

Tili ndi mapampu awiri, onse akutha kukoka madzi ochuluka mofanana kufika pamtunda wofanana. Pampu A ikugulitsidwa 4,000, pampu B ikugulitsidwa 6,500. Kumangirira kukudya 1,000 iliyonse. Ndiye tsiku loyamba A yadya 5,000 pamene B yadya 7,500, kusiyana 2,500, ndipo aliyense woyang'ana kotesheni yokha anena kuti tengani A musataye nthawi.

Tsopano tiziyatse. A ikamagwira ntchito ikukoka makilowati 11 ku magetsi, B ikukoka 9.5 chifukwa mota yake ndi chopalasa madzi cha m'kati mwake n'zopangidwa bwinoko. Pampu iziyenda maola 4,000 pachaka, komwe ndi pafupifupi maola 11 patsiku, ndipo yuniti imodzi ya magetsi tinene kuti ndi 0.15. A idya mayuniti 44,000 pachaka, ndalama yake 6,600. B idya mayuniti 38,000, ndalama yake 5,700. Sevisi ndi masipeya tiike 600 pachaka pa A, 400 pa B. Kuzula ndi kutaya pakatha zaka 10, mutachotsa zogulitsa sikirapu, ndi 300 iliyonse.

Phatikizani zaka 10. A: 5,000 yoyambira, 66,000 ya magetsi, 6,000 ya sevisi, 300 yotayira, zonse 77,300. B: 7,500, kenako 57,000, kenako 4,000, ndi 300, zonse 68,800. Pampu yodula ija yatchipa ndi 8,500.

Koma chomwe ndikufuna muone si wopambana ayi, onani kagawidwe kake. Pa 77,300 ya pampu A, ndalama yogulira ija 4,000 ndi 5 peresenti chabe, pomwe magetsi ndi 85 peresenti. Ndiye munthu atha kutha sabata yathunthu akunenerera kuti amuchotsereko 200 pa mtengo wogulira, osafunsa ngakhale kamodzi kuti pampuyo ikoka makilowati angati, pamene kilowati imodzi yokha pa maola amenewa ndi 600 chaka chilichonse.

Makilowatiwo mumawatenga kuti, si omwe alembedwa pa kachitsulo ka pa mota?

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Nambala ya kW yomwe ili pa kachitsulo kaja ndi mphamvu yomwe mota ingathe kutulutsa pa shafiti ikasenzetsedwa katundu wokwanira, si yomwe ikukoka ku magetsi. Mota yolembedwa 11 kW itha kumakoka 12 ikadzaza katundu, chifukwa mphamvu ina imatayika ngati kutentha, itha kumakokanso 7 ngati ntchito yake ndi yopepuka. Mapampu awiri onse olembedwa 11 kW atha kusiyana kadyedwe kutalitali.

Ngati pampu ndi yatsopano, pemphani wogulitsa akupatseni chithunzi cha mizere yosonyeza kagwiridwe ntchito ka pampuyo. Pezani pomwe kuchuluka kwa madzi omwe mukufuna kukukumana ndi kutalika komwe madziwo akwere, muwerenge mphamvu yomwe pampu ikufuna pamenepo, kenako mugawe ndi peresenti yosonyeza mmene mota imasungira mphamvu. Yang'ananinso kalasi ya mota, pamalembedwa IE1, IE2, IE3 kapena IE4, nambala ikamakwera ndiye kuti ikutaya magetsi ochepa. Ngati pampu ilipo kale ndiye musavutike ndi zongoganizira, ikani mita yowerenga mayuniti kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mulembenso maola omwe yayenda. Kapanisi koyezera ma ampu kokha sikakwanira, chifukwa ma ampu a mota satsika molingana ndi katundu, mota yopepukidwa imaonetsabe ma ampu ambiri ndithu.

Ena akuti ndalama ya mtsogolo muziichepetsa powerengera, n'chifukwa chiyani?

Chifukwa 1,000 yomwe mulipire lero ndi yolemera kuposa 1,000 yomwe mudzalipire pakatha zaka 10. Ya leroyo mwina mwaikongola ndipo ikubala chiwongola dzanja, kapena mukanaiika pa ntchito ina n'kumakupindulirani. Pampu B ikufuna 2,500 yowonjezera lerolero, koma phindu lake likubwera mwapang'onopang'ono, ndiye kungophatikiza monga tachitira pamwambapa n'kuikondera B.

Kachitidwe kake ndi aka, pomwe PV ndi mtengo wake wa lero, F ndi ndalama ya mtsogolo, r ndi peresenti yomwe mwasankha pachaka yolembedwa ngati 0.10 pa 10 peresenti, n ndi zaka:

```
PV = F / (1 + r)^n
```

Titenge 10 peresenti. Ndalama yotayira ija 300 ya chaka cha 10 ikusanduka 116 ya lero. Pa ndalama yobwera mofanana chaka ndi chaka pali chidule, pa 10 peresenti kwa zaka 10 mumangochulukitsa ya chaka chimodzi ndi 6.145 m'malo mwa 10. A imadya 7,200 pachaka mukaphatikiza magetsi ndi sevisi, kuchulukitsa ndi 6.145 ndi 44,244, kuonjezera 5,000 ndi 116, yakwana 49,360. B imadya 6,100 pachaka, zomwe zikupereka 37,485, kuonjezera 7,500 ndi 116, pafupifupi 45,100. B yapambanabe koma tsopano ndi 4,260, theka la zomwe tinaona poyamba zija.

Peresentiyo musaitole pamsewu. Yambirani pa chiwongola dzanja chomwe mumalipira mukakongola, kapena phindu lomwe kampani yanu imayembekezera pa ndalama iliyonse yomwe yaika pa ntchito. Ikakhala yokwera imakondera makina otchipa pogula, ikakhala yotsika imakondera osawononga poyendetsa, ndiye munthu wofuna kukupusitsani atha kungosintha kanambala kameneka yankho n'kutembenuka. Chinanso, musasakanize. Ngati mitengo ya zaka zonse mwaisiya monga ilili lero, peresenti yanu ikhale yochotsa kukwera mitengo kwa zinthu. Ngati mwakweza mitengo chaka ndi chaka, pamenepo ndi pomwe mugwiritse peresenti yonse ya kubanki. Kutenga mitengo ya lero n'kuichepetsa ndi peresenti ya kubanki, kumene zinthu zikukwera mtengo mofulumira, kumapangitsa bilu ya magetsi ya mtsogolo kuoneka ngati kanthu kakang'ono pamene si choncho.

Pa kompyuta ndilemba bwanji?

Mu Excel, ya chaka ndi chaka yofanana ija ya pampu A ndi iyi:

```
=PV(0.10,10,-7200)
```

Ikupatsani 44,241, kusiyana pang'onoko n'chifukwa 6.145 ija tinaidula kumchira. Ngati ndalama zikusiyana chaka ndi chaka, mwachitsanzo chaka cha 5 pali sevisi yaikulu, ikani chaka chilichonse pa mzere wakewake mugwiritse fomula ya NPV. Koma samalani, NPV imatenga nambala yoyamba ngati ya kumapeto kwa chaka choyamba, ndiye ndalama yogulira muiike kunja:

```
=B2+NPV(0.10,B3:B12)
```

Apa B2 ndi ya tsiku logula, B3 mpaka B12 ndi zaka 10 zija. Mukailowetsa B2 m'kati, zonse zisunthira chaka chimodzi kutsogolo ndipo simuona uthenga uliwonse wokuchenjezani.

Ndiye kuti chodula chimapambana nthawi zonse?

Ayi ndithu, ndipo ogulitsa sakonda funso limeneli. Tengani mapampu omwewo koma ikhale pampu yodikirira, yomwe imayatsidwa pokhapokha inzake ikafa kapena pa nyengo yochepa, tinene maola 500 pachaka. A idya magetsi a 825, B idya a 713, kusiyana 112 basi. Ngakhale titasiya kusiyana kwa sevisi pa 200 pomwe paja, B ikupulumutsa 312 pachaka, kuchulukitsa ndi 6.145 ndi pafupifupi 1,920, yosafika pa 2,500 yomwe munaonjezera pogula. Apa A yotchipa ija ndiyo yabwino.

Mutha kupeza pomwe zikutembenukira. Kuti 2,500 ibwerere m'zaka 10 pakufunika kupulumutsa 407 pachaka. Sevisi yapereka kale 200, yatsala 207, ndipo ola lililonse B ikupulumutsa makilowati 1.5 omwe ndi 0.225. Gawani, mupeza maola pafupifupi 920 pachaka. Kupitirira apo tengani B, kuchepera apo tengani A. Ine ndimaona kuti nambala imeneyi ndi yothandiza kuposa totala yeniyeniyo, chifukwa palibe angalumbire kuti pampu idzayenda maola 4,000 ndendende, koma aliyense pamalopo atha kukuuzani ngati imapitirira maola awiri ndi theka patsiku kapena ayi. Chitani chimodzimodzi ndi mtengo wa magetsi ndi peresenti ija, sinthani chimodzi chimodzi muone ngati wopambana akusintha. Akapanda kusintha, gulani mtima uli m'malo. Akasintha ndi kakusuntha kakang'ono ndiye kuti makinawo ndi ofanana, sankhani poona zina monga kupezeka kwa masipeya.

Nanga za pulani zikulowa pati, poti ine ndikungogula chopangidwa kale?

Zikulowa kwambiri, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ndalama yolipira injiniya ndi yochepa, koma zomwe wasankha pa pepala ndi zomwe zimamanga bilu ya zaka zonse zotsatira, ndipo konkire ikauma, mapaipi atakwiriridwa, kusintha kumadula.

Taonani paipi. Madzi akamadutsa m'paipi amakhulana ndi makoma ake, ndipo mphamvu yotayika pamenepo imatsika mofulumira kwambiri paipi ikakula, pafupifupi ngati kuchulukitsa kukula kwake ndi kukula komweko mpaka kasanu. Kuchoka pa paipi ya mamilimita 80 kupita ya 100, madzi ali omwewo, kukhulanako kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye ngati paipi yanu ndi yaitali, kutenga yaing'ono pofuna kupulumutsa ndiye kuti mwalamula pampu yaikulu ndi magetsi ambiri mpaka kalekale, ndipo ngakhale mutagula mota ya IE4 sizikonza vutolo. N'chifukwa chake powerengera musamadule malire pa pampu yokha, yerekezani dongosolo lonse, pampu iyi ndi paipi iyi, motsutsana ndi pampu iyo ndi paipi iyo.

Vuto lina lofala ndi pampu yokula mopitirira. Wojambula amaonjezerako pang'ono kuopa kuchepekedwa, wogula naye aonjezerako, wogulitsa n'kupereka saizi yotsatira chifukwa ndi yomwe ali nayo. Mapeto ake pampu ikukankha madzi ochuluka kuposa ofunika, woyendetsa n'kutseka vavu theka kuti achepetse, zomwe zili ngati kuponda mafuta ndi buleki nthawi imodzi. Mukafika pamalo yang'anani vavu ya potulukira madzi. Ikakhala kuti chitsekereni theka mpaka chogwirira chake chidachita dzimbiri pomwepo, mapaipi akunjenjemera, masilo akudontha pafupipafupi, mabering'i akufa msanga, dziwani kuti pampuyo ikugwira ntchito kutali ndi pomwe idapangidwira, ndipo mukulipira kawiri, ku magetsi ndi kwa makaniko. Mankhwala ake nthawi zina ndi kusema chopalasa madzi chija kuti chichepe, kapena kuika kachipangizo kosintha liwiro la mota. Liwiro likatsika kufika pa 80 peresenti, mphamvu yofunika imatsika kufika pafupifupi theka. Koma izi zimatheka bwino pomwe ntchito yaikulu ya pampu ndi kulimbana ndi kukhulana kwa m'mapaipi. Ngati ntchito yake ndi kukweza madzi pa thanki yapamwamba kwambiri, mukatsitsa liwiro madzi amangosiya kufika, ndiye phindu lake ndi lochepa.

Ngati ndinu opanga makina, ndalama ya pulani ndi zoyesayesa mumaigawa pa makina onse omwe mudzagulitse. Mwaononga 200,000 pokonza pulani yabwinoko ndipo mugulitsa mapampu 10,000, ndiye kuti ndi 20 pa pampu imodzi. Mukagulitsa 1,000 okha ndi 200.

Ntchito ikaima chifukwa makina afa, zimenezo timaziwerenga?

Eya, ngati kuimako kukuluzitsadi ndalama. Chulukitsani maola omwe ntchito imaima pachaka ndi phindu lomwe limatayika pa ola, osati ndalama zonse zogulitsa koma phindu, kuphatikiza zomwe mumalipirabe anthu atangokhala. Maola oimawo si a makaniko ali ndi sipanala m'manja okha, muwerengenso masiku odikira sipeya. Pampu yomwe silo yake imatenga masabata atatu kuti ifike ndi yodula ngakhale siloyo itatchipa bwanji. Pomwe pali pampu ina yodikirira kapena thanki yosunga madzi a tsiku lonse, gawo ili litha kukhala ziro, ndipo musalikokomeze pongofuna kuti makina omwe mwawakonda apambane.

Wina akukhala zaka 7 wina zaka 10, ndiyerekeza bwanji?

Musayerekeze matotala, chifukwa wa zaka 7 aoneka wotchipa pongoti wafa msanga. Sandutsani zonse zikhale ndalama ya pachaka. Tinene kuti A ikhala zaka 7 zokha. Nambala yochulukitsira pa 10 peresenti kwa zaka 7 ndi 4.868, ndiye 5,000 yoyambira ija mukaigawa ndi 4.868 ikhala 1,027 pachaka, kuphatikiza 7,200 yoyendetsera ndi 8,227. B, 7,500 kugawa ndi 6.145 ndi 1,220, kuphatikiza 6,100 ndi 7,320. Zotayira ndazisiya poti n'zazing'ono. Tsopano mukuyerekeza chaka ndi chaka chinzake, ndipo B ikutchipa ndi pafupifupi 900 chaka chilichonse. Njirayi ikutengera kuti A ikafa mudzagula ina yofanana nayo, ngati ntchitoyo ikutha pa zaka 7 zomwezo ndiye werengerani onse awiri zaka 7, B muipatse mtengo womwe ingagulitsidwe itatsala ndi zaka zitatu.

Zotaya zija zikuoneka zochepa, bwanji osangozisiya?

Pa pampu yaing'ono zoona n'zochepa, mwaona 300 yasanduka 116, ndipo kopa wa m'mota ndi chitsulo zimabweza kenakake. Zikakhala zofanana mbali zonse ziwiri sizisintha wopambana. Koma lembani mzere wake ndithu musanaunyoze, chifukwa pa makina ena ndi waukulu: mabatire, gasi wa m'mafiriji yemwe amafunika kumupopa osati kungomutulutsira mumpweya, oyilo wa m'matiransifoma akale, matanki omwe munali mankhwala, zotchingira kutentha za asibesitosi. Izi zimafuna anthu ovomerezeka kuzichotsa, ndipo nthawi zina kubweretsa kireni ndi kugumula konkire kumadula kuposa sikirapu yonse.

Ndili ndi pampu yakale yomwe ndinaigula modula ndipo ikugwirabe ntchito, ndiisinthe?

Choyamba iwalani zomwe munagulira, ndalama imeneyo idapita kaya musunge pampuyo kaya muitaye, siilowa m'masamu. Ngakhale ija munalipira mwezi watha pokulunganso mawaya a mota siilowa. Zolowa ndi zamtsogolo zokha: yakaleyo idya magetsi angati, sevisi yake ndi zingati, yatsala ndi zaka zingati, ingagulitsidwe zingati lero.

Tinene mwaika mita mwapeza kuti yakaleyo ikukoka makilowati 12 pa maola 4,000 omwe aja, ndiye magetsi 7,200 pachaka, makaniko akudya 900, zonse 8,100. B yatsopano tapeza kale kuti ndi 7,320 pachaka kuphatikiza kuigula ndi kuimangirira komwe. Ndiye chaka chilichonse chomwe mukuisunga yakaleyo mukutaya pafupifupi 780, ngakhale ikuzungulira bwinobwino ndipo palibe akudandaula. Koma mita ikaonetsa makilowati 10 ndipo makaniko akudya 600, zonse ndi 6,600, yakaleyo ikhale kaye. Mudzayezenso chaka chamawa mwezi womwewo, ndipo mudzayeze ndi madzi omwe ikutulutsa, chifukwa pampu yodyeka m'kati itha kumakoka makilowati omwewo koma thanki yomwe inkadzaza maola 6 n'kumadzaza maola 8.